Kodi Mneni "Anaziphikira" Ndi Wolondola?

Nkhani ya lero yagona pa mneni mmodzi yekha. Mneniyo ndi uyu: anaziphikira. Tamvaninso bwino: anaziphikira. Kodi mneni ameneyu wamangidwa bwino, kapena muli chilema?

Funsoli limabuka kawirikawiri mphunzitsi akamachonga chimangirizo. Mwana walemba kuti, "Amayi anaziphikira ana." Chimene mwanayo akufuna kunena n'chakuti amayi anaphika mbatata kuti ana adye. Kaphatikizo kaja kakuti zi wakaika kuti kaimire mbatata. Mphunzitsi akawerenga, khutu limakana, ndipo cholembera chofiira chimatsika. Koma mwana akafunsa kuti chalakwika n'chiyani, aphunzitsi ambiri amangoti, "Sizikumveka bwino." Yankholo ndi loona, koma mwana sapindula nalo. Mawa adzalembanso chimodzimodzi.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tsono timuphwanye mneniyu pang'onopang'ono.

Kumayambiriro kuli a, amene akuloza amayi, wochita ntchitoyo. M'kalasi amamutcha mgwirizanitsi wa mwininkhani. Kenako pakubwera na, wosonyeza kuti zinachitika kale. Kenako zi, mgwirizanitsi wa pamtherankhani, ndiye kuti kaphatikizo koloza munthu kapena chinthu chimene ntchitoyo ikugwera. Pambuyo pake pali muzu weniweni, phik. Ndiye pakubwera ir, amene amasintha kuphika kukhala kuphikira. Uwu ndi umene ana asukulu amaudziwa kuti msintho womuchitira. Pamapeto pali a wotsekera. A, na, zi, phik, ir, a. Dongosolo lake ndi lomwelo nthawi zonse. Mgwirizanitsi wa pamtherankhani amakhala chogundana ndi muzu, ndipo palibe china chimene chimalowa pakati pawo.

Mukaona dongosololi, mwana uja sanalakwitse kanthu. Chilichonse chili pamalo pake.

Nanga kapena walakwitsa msintho, kuika ir pofunika er? Apa khutu la Mchewa silinama, ngakhale mwini khutuyo asadziwe lamulo. Munthu amati kuphikira, kugulira, kulimira. Koma amati kulembera, kukonzera, kusokera. Chimene chimalamula ndi lembo la liwu limene layandikana ndi msinthowo. Likakhala a, i kapena u, pamabwera ir. Likakhala e kapena o, pamabwera er. Anthu ena amaganiza kuti lolamula ndi lembo loyamba la mneni, koma mvetserani mlendo ali pakhomo usiku. Amati, "Nditsegulireni." Sanena kuti nditsegulereni. Mu kutsegula muli e kumayambiriro, koma amene wayandikana ndi msintho ndi u, ndipo u ndiye wapambana. Aneni afupiafupi aja, monga kudya, kumwa, kuba ndi kufa, onse amatenga er: kudyera, kumwera, kubera, kufera. Mu kuphika muli i, choncho kuphikira n'kolondola. Apanso mwana uja wakhoza.

Wina angafunse za kalembedwe: kuphikira kapena kuphikila? Malamulo a kalembedwe amene Bodi ya Chichewa inatulutsa mu 1973 amati pambuyo pa i kapena e pazilembedwa r. Kusukulu za ku Malawi amatsata zimenezo. Ku Zambia anthu ambiri amalemba l, ndipo pakamwa pa anthu malembo awiriwa amasinthana popanda tanthauzo kusintha. Imeneyo ndi nkhani ya cholembera. Mneni sathyoka nayo.

Tsono chalakwika chili pati? Omvera, apa ndiye pagona nkhani.

Msintho womuchitira ukalowa mu mneni, umabweretsa mlendo. "Amayi anaphika mbatata." Apa pamtherankhani ndi mmodzi, mbatata. "Amayi anaphikira ana mbatata." Apa akhala awiri, ana ndi mbatata. Koma mneni wa Chichewa ali ngati njinga ya kabaza: mpando wa wokwera ndi umodzi. Malo a mgwirizanitsi wa pamtherankhani ndi amodzi okha. Palibe Mchewa anganene kuti anawaziphikira, kapena anaziwaphikira. Awiri sakwanapo. Ndiye funso n'lakuti, pa ana ndi mbatata, akhalepo ndani?

Yankho la Chichewa ndi lachindunji. Pamakhala wochitiridwayo. Pamakhala ana. "Amayi anawaphikira mbatata ana." Kapena, "Ana aja amayi anawaphikira mbatata." Tamvani mmene zikutsetserekera pakamwa. Wochitiridwa akangopezeka m'chiganizo, malo aja ndi ake. Mbatata zilibe gawo.

Izi sizongoganizira. Katswiri wa zinenero wa ku Malawi, Sam Mchombo, amene waphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya ku Berkeley ku Amereka, anaifufuza nkhaniyi mozama. Mu 1987 iye ndi Joan Bresnan anasonyeza kuti kaphatikizo aka si kongokometsera mneni. Ndi mlowam'malo weniweni amene walowa m'kati mwa mneni. Ndiye chifukwa chake dzina likhoza kuchoka chiganizo n'kukhalabe chathunthu. "Anawaphikira mbatata." Ana sanatchulidwe, koma alimo, mu wa muja. Mu 1993 Mchombo ndi Alex Alsina anafotokozanso kuti pa apamtherankhani awiri a mneni wochitira wina, Chichewa sichiwaona mofanana. Wochitiridwa ndiye amalandira maudindo, winayo amatsala m'mbuyo.

Maudindowo amaonekera pena ndi pena. Mneni akakhala wopanda mgwirizanitsi, wochitiridwa ndiye amatsatana naye. Munthu amati, "Anagulira mwana nsapato." Sanena kuti anagulira nsapato mwana. Chiganizo chikatembenuzidwa, wochitiridwa yemweyo ndiye amapita kutsogolo. "Mwana anaguliridwa nsapato." Ndipo mgwirizanitsi akalowa, amaloza yemweyo. "Anamugulira nsapato." Zitatu zonsezi zikuloza munthu mmodzi.

Sizinenero zonse zimene zimachita chonchi. Chichaga, cholankhulidwa m'mbali mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, chimalola agwirizanitsi awiri kukhala mu mneni mmodzi, wa chinthu ndi wa wochitiridwa. Chinyarwanda nachonso chimatero. Chiswahili chili ngati Chichewa, malo ndi amodzi. Choncho lamuloli si lachilengedwe cha zinenero zonse zapachibale ndi Chichewa. Ndi khalidwe la Chichewacho, ndipo munthu amene waphunzira Chichewa ali wamkulu amapunthwa pomwepa.

Tiyeni tibwerere ku chiganizo cha mwana uja, tichimve mmene Mchewa amachimvera. "Amayi anaziphikira ana." Khutu likamva ir, limayamba kufunafuna wochitiridwa. Limayang'ana pa malo aja, n'kupezapo zi. Limati, eya, ochitiridwa ndi awa, ndipo ndi a gulu la zi. Kodi ndi zilombo? Kodi ndi zimphona? Nanga chophikidwacho n'chiyani? Latsala dzina limodzi lokha, ana. Chiganizo chija chasanduka nthano yoopsa ya kumadzulo, ya mayi amene anaphika ana kuti zilombo zidye. Mwana wasukuluyo sanafune zimenezo. Mphunzitsi analondola kuchonga. Cholakwika n'chakuti zi walanda malo a wa.

Kukonza kwake n'kosavuta. Ngati nkhani ili pa ana, alembe kuti, "Amayi anawaphikira mbatata." Ngati nkhani ili pa mbatata, aziike kutsogolo, mgwirizanitsi wake asiye: "Mbatata zija amayi anaphikira ana." Ndipo ngati akufunitsitsa zi, achotse msintho womuchitira: "Mbatata zija amayi anaziphika kuti ana adye." Njira zonsezi ndi Chichewa chabwino.

Koma omvera, musathamangire kunena kuti anaziphikira ndi mneni wolakwika. Ayi. Tamvani izi.

Mlimi ali ndi khola la nkhumba. Mnzake akufunsa kuti, "Nkhumba zija zadya?" Mkazi wake akuyankha kuti, "Bambo anaziphikira madeya m'mawa." Mneni ndi yemwe uja. Palibe lembo lasintha. Koma pano zi akuloza nkhumba, ndipo nkhumbazo ndizo zochitiridwa. Chiganizochi chilibe banga. Mneni mmodzi yemweyo, kwa mwana wasukulu walakwika, kwa mlimi walondola. Chasiyanitsa n'chimene zi akuloza.

Nkhani siithera pomwepo, chifukwa msintho uwu dzina lake limanamiza. Amautcha womuchitira, koma sikuti nthawi zonse pamakhala wochitiridwa. Nthawi zina ir uja amabweretsa malo. Mlendo akudabwa kuti kukhitchini kulibe utsi, koma mbatata zapsa. Amuyankha kuti, "Mbatatazi anaziphikira panja." Apa zi akulozadi mbatata, ndipo palibe amene angatsutse. Chifukwa chiyani? Chifukwa palibe wochitiridwa wolimbirana nazo malo. Panja ndi malo chabe. Mpando unali wopanda munthu, mbatata n'kukhalapo.

Nthawi zina ir amabweretsa chifukwa. Agogo apeza mbatata zimene anasungira mbewu zili mu mphika. Akufunsa mokwiya kuti, "Mbatata zanga anaziphikira chiyani?" Apanso zi ndi mbatata, ndipo funsolo ndi Chichewa chenicheni cha pamudzi. Mwana akamalira kuti, "Wandimenyera chiyani?" sakunena kuti wina wamenyedwa m'malo mwake. Womenyedwayo ndi iye. Mwamuna akamadandaula kuti, "Amandikondera ndalama," wokondedwayo ndi iye, ndipo ndalama ndi chifukwa chake.

Tamvani ziganizo ziwiri izi, zimene zimafanana ngati mapasa. Choyamba: "Anamuphera galu." Chachiwiri: "Galuyo anamuphera chiyani?" M'choyamba, mu ndi munthu, mwini galu. M'chachiwiri, mu ndi galu mwiniwake. Galu ndi munthu amatenga mgwirizanitsi mmodzi, mu, choncho mneni payekha sangakuuzeni. Chimene chikuuzani ndi mawu oyandikana nawo. Pakakhala munthu wokhudzidwa, mu ndi munthuyo. Pakakhala chifukwa chokha, mu amabwerera kwa galu.

Mwina mwaona kale kuti mwini galu uja sanachitiridwe zabwino. Imeneyi ndi mbali ina imene dzina lakuti womuchitira limabisa. Msinthowu suyang'ana ngati munthu wapindula kapena waluza. Mayi akubwera kuchokera kudimba akudandaula kuti, "Mbuzi zandidyera chimanga." Mnyamata ali ku polisi akuti, "Andibera njinga." Wamasiye akulira kuti, "Mwamuna wanga wandifera." Onsewa sanapindule kanthu, koma malo aja ndi awo. Lamulo ndi lomwe lija. Munthu wokhudzidwa, kaya ndi zabwino kaya ndi zoipa, ndiye amakhala pa malo a mgwirizanitsi. Mayi uja sanganene kuti mbuzi zachidyera ine. Amati zandidyera.

Tsono pali vuto lina limene limabisala m'kalembedwe, ndipo lafala kwambiri m'mauthenga a pafoni. Mnyamata wa pa lendi akulembera mlongo wake kuti, "Masiku ano ndimaziphikira ndekha." Akufuna kunena kuti palibe womuphikira. Mneni amene akumufuna ndi ndimadziphikira, wokhala ndi d. Dzi ndi zi ndi anthu awiri osiyana. Dzi amabweza ntchito kwa mwini wake: kudziphikira, kudzigulira, kudzisungira. Zi amaloza zinthu zina: mbuzi, nkhuku, zovala. M'madera ambiri anthu amawatchula mofanana, ndipo pakamwa zimadutsa. Papepala sizidutsa. "Anazigulira chakudya" ndiye kuti anagulira ziweto. "Anadzigulira chakudya" ndiye kuti chakudyacho n'chake. Choncho munthu akakumana ndi anaziphikira papepala, ayambe wafunsa ngati wolembayo sanangotaya d.

Dzi uyu amatsimikizanso lamulo lija la malo amodzi. Iye amakhala pa malo omwewo a mgwirizanitsi wa pamtherankhani. Akakhalapo, palibenso wina. Munthu sanganene kuti anazidziphikira. Amati, "Mbatatazo anadziphikira yekha."

Tipite tsopano kwa aneni ena amene amasokoneza ngakhale akuluakulu. Alipo aneni amene ali ndi ir kapena er wobadwa naye. Kulandira, kugwira. Mu kulandira, ir uja si msintho womuchitira. Ndi gawo la mneniyo. Ndiye munthu akafuna kuchitira mnzake, ayenera kuwonjezera ir wina. Agogo amene sangathe kuyenda akutuma mdzukulu kuti, "Ukandilandirire feteleza." Mdzukulu akamva molakwa n'kuganiza kuti anena ukandilandire, akaima pa siteji kudikira agogo amene sanakwere basi. Kundilandira n'kulandira munthuyo. Kundilandirira n'kulandira katundu m'malo mwake. Mayi amene manja adzaza amati, "Tandigwirire mwanayu." Wogwidwa ndi mwana, wothandizidwa ndi mayi. Ma ir awiri otsatanawo si chibwibwi. Wochonga asafufute limodzi poganiza kuti wolemba anabwereza mwangozi.

Kupatsa nako kuli ndi khalidwe lake. Mneniyu amanyamula apamtherankhani awiri popanda msintho uliwonse. "Anamupatsa ndalama." Mu ndi wolandira, ndipo ir safunika. Munthu akalemba kuti anamupatsira ndalama pofuna kunena zomwezo, waonjeza chosafunika, ndipo tanthauzo lasuntha. Kupatsira kumabweretsa munthu wachitatu. Ndi zimene timamva pa siteji basi ikamanyamuka: "Mukandipatsire moni ana." Wopereka moni ndi wapaulendo, olandira ndi ana, ndipo ndi uja ndi wotsala, amene ntchitoyo ikuchitika m'malo mwake. Taonani amene wakhala pa malo aja. Si ana. Ndi wochitiridwa.

Chomaliza choyang'ana chili kumchira kwa mneni. Polamula kapena popempha, mgwirizanitsi akangolowa, a wotsekera uja amasanduka e. Munthu amati, "Gulira mwana nsapato." Koma akaika mu, amati, "Mugulire nsapato." Amati ndigulire, tiphikire, ndikhululukireni. Mwana wotumidwa kugolosale akauzidwa kuti, "Ndigulire sopo," amadziwa kuti ndi uja ndi womutumayo. Koma akamva kuti, "Ndigulira mwana sopo," amadziwa kuti ndi uja ndi wogula, ndipo palibe amene watumidwa. Lembo limodzi kumapeto ndilo lasiyanitsa wogula ndi woguliridwa. Alendo ophunzira Chichewa amalakwitsa kwambiri apa, n'kumati ndipatsa madzi pofuna kunena kuti ndipatse madzi.

Ulemu nawo uli ndi malo ake. Polankhula ndi mnzake wa msinkhu umodzi, munthu amati, "Ndakuphikira." Polankhula ndi apongozi, ku yekha sakwanira. Pamafunika ni kumapeto: "Ndakuphikirani." Ku ali kutsogolo kwa muzu, ni ali kumchira, koma awiriwa akuloza munthu mmodzi. Mkamwini amene angauze apongozi ake kuti ndakugulira shuga sanathyole mneni, koma wathyola mwambo. Ndipo ponena za munthu wamkulu amene palibe, mgwirizanitsi ndi wa, ngakhale munthuyo ali mmodzi: "Agogo ndawagulira shuga." Apa wa sakuwerenga anthu. Akupereka ulemu.

Tibwereze tsono mfundo imene yatenga nthawi yambiri lero, chifukwa ndi imene imaiwalika. Dongosolo la maphatikizo likhoza kukhala bwino. Ir kapena er akhoza kukhala woyenera. Kalembedwe kakhoza kutsata malamulo onse. Koma mneni wokhala ndi mgwirizanitsi komanso msintho womuchitira saweruzidwa ali yekha. Woweruza afunse kuti msinthowo wabweretsa chiyani. Ngati wabweretsa munthu kapena chiweto chochitiridwa, mgwirizanitsi aloze chimenecho. Ngati wabweretsa malo kapena chifukwa, mgwirizanitsi akhoza kuloza chinthu chophikidwa, chogulidwa kapena chomenyedwa.

Yesani nokha ndi mneni wina, amene mumamumva tsiku lililonse kwa wotumiza ndalama pafoni. Anazitumizira. Munthu akati, "Ndalamazo anazitumizira pafoni," walondola, chifukwa pafoni ndi njira imene zadzera. Akati, "Ndalamazo anazitumizira chiyani?" walondolanso, chifukwa akufunsa chifukwa. Koma akafuna kunena kuti wolandira ndi mayi ake, Chichewa chosakayikitsa n'chakuti, "Ndalamazo anawatumizira mayi ake," kapena, "Ndalamazo anazitumiza kwa mayi ake."

Pempho lipite kwa aphunzitsi, akonzi a nkhani ndi omasulira mabuku. Munthu akakubweretserani mneni mmodzi n'kufunsa ngati ali wolondola, musayankhe msanga. Muuzeni anene chiganizo chonse, ndipo akuuzeni chimene zi, mu kapena wa akuloza. Ndipo mwana akalakwitsa, musangolemba mzere wofiira. Mufunseni kuti, "Waphikiridwa ndani?" Akayankha yekha kuti ndi ana, adzaika wa pamalo pake.